Amalume asintha mandala katatu, diso lamanja silikuyerabe

Nangozo (Tsangano): Mwaswera bwanji a pagulu. Ndili ndi funso la amalume anga. Ali ndi zaka 58, matenda a shuga anawapeza nawo zaka 11 zapitazo, tensawu nayonso imakwera. Chaka chino chokha agula mandala katatu pamsika. Oyamba analembedwa +2.00, achiwiri +2.50, awa a mwezi watha +3.50. Akuti akavala amathandiza masiku ochepa kenako zilembo za m'Baibulo zimayambanso kusakanikirana. Dzulo anandiuza kuti akayang'ana felemu ya chitseko ikuoneka yopindika pakati. Kodi mandala amphamvu kuposa awa tingawapeze kuti? Ku Ulongwe kapena mpaka ku Tete?

aJere wa ku Domwe: Pepani ndi matenda achemwali. Imeneyo ndi ng'ala, anthu a shuga imawagwira msanga. Mandala sangathandize, akapalitse basi.

Sisita Luwiza: Achemwali, musagulenso mandala ena pakali pano, ndalamayo isungeni ikhale ya chapa. AJere anena zoona kuti ng'ala imafulumira mwa munthu wa shuga, koma ng'ala imachititsa kuti zinthu zioneke ngati muli mu nkhungu kapena mu utsi, ndiponso dzuwa limathobwa. Siipinda chitseko. Mzere wowongoka ukamaoneka wokhota, nthawi zambiri vuto limakhala kumbuyo kwa diso, kumene mandala safika.

Ndifunse kaye: ndi maso onse awiri kapena limodzi? Ndipo chiwapezereni ndi shuga, alipo amene anawadontheza mankhwala m'maso, kuwadikiritsa, n'kuwaunika mkati ndi nyali?

Nangozo (Tsangano): Zodonthezazo ayi, akuti sanapangidwepo. Kusentulu amangowabaya chala ndi kuwamanga mkono, n'kulandira mapiritsi. Za diso limodzi kapena onse ndikawafunsa madzulo, ali kumunda wa mbatata.

Bambo Zakaliya (tekiniko wa maso): Ndithokoze a Sisita poyamba bwino. Ndifotokoze chifukwa chake mandala akulephera, chifukwa anthu ambiri amataya chaka chathunthu pamenepa.

Kuwala kukalowa m'diso kumadutsa kutsogolo, pa galasi loyera la diso ndi pa kagalasi kena kamene kali kuseri kwa mwana wa diso. Ziwirizi ntchito yake ndi kusonkhanitsa kuwala kuti kukagwe bwino pa kachikopa kopyapyala kamene kayala mkati mwa diso kumbuyo. Kachikopa kameneka timakatcha letina, ndipo ndi kamene kamaona. Mandala amangothandiza mbali ya kutsogoloyo, kusonkhanitsa kuwala. Letina ikadwala, mukhoza kusonkhanitsa kuwala bwino lomwe, koma pokafikira pake ndi powonongeka.

Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amafooketsa timitsempha ta magazi ta mu letina, tomwe ndi tating'ono kuposa tsitsi. Tina timatupa ngati timatuza, tina timayamba kudontha madzi, mafuta ndi magazi, tina timatsekeka. Tensawu ikakhala yokwera imakankha magazi mwamphamvu m'timitsempha tofooka kale, ndiye kudontha kumawonjezeka. Pakati penipeni pa letina pali kamalo kakang'ono, makula, kamene timawerengera, kulowetsa ulusi mu singano ndi kuzindikira nkhope. Madzi akadonthera pamenepo malowo amatupa, amakwinyika ngati pepala lonyowa. N'chifukwa chake chitseko chikuoneka chopindika. Sindinawaone amalume anu, sindingalamule pa foni, koma zimene mwanenazi zikuloza kumeneko.

Chinanso, munthu wa zaka 58 amene ankaona bwino patali mandala ake owerengera amakhala cha pa +2.25 kapena +2.50. Kufika pa +3.50 m'miyezi yochepa si ukalamba ayi. Mandala amphamvuwo amangomukakamiza kuyandikiza buku kumaso, zilembo n'kuoneka zazikulu, munthu n'kumayesa wachira.

aJere wa ku Domwe: Ndamva. Koma mkulu wanga wa shuga anasinthanso mandala kawiri, atapita kuchipatala anamuuza kuti kumbuyo kwa diso kulibe vuto. Ndiye si onse.

Bambo Zakaliya (tekiniko wa maso): Zoona aJere, si onse, ndipo mwakumbutsa chinthu china chofunika. Shuga amathanso kusokoneza maso m'njira ina yosakhalitsa. Akakwera kwambiri, kagalasi ka mkati kaja kamasintha madzi ake, mphamvu yake n'kusintha. Munthu sabata ino amaona bwino patali, sabata yamawa ayi. Zimachitikanso wina akangoyamba mankhwala kapena jakisoni wa insulini, shuga n'kutsika msanga: maso amachita chimbuuzi kwa masabata angapo kenako amakhazikika okha. Mandala oyezedwa nthawi imeneyo amakhala olakwika pakatha mwezi. Ndiye lamulo ndi lakuti mandala ayezedwe shuga atakhazikika kwa mwezi umodzi kapena kupitirirako. Koma kudikira kumeneko ndi kwa mandala okha. Kuunika kumbuyo kwa diso sikudikira chilichonse.

Achemwali a ku Tsangano, madzulo ano chitani izi. Tengani katoni kapena pepala lolimba, muboole kabowo ndi nsonga ya singano yosokera matumba, kamodzi kokha, kukula ngati theka la mutu wa machesi kapena kucheperako pang'ono. Amalume akhale panja powala, ayang'ane zilembo za pa thumba la feteleza mutaliika patali masitepe 6. Atseke diso lamanzere ndi chikhatho, osalikanikiza, anene zimene akuona ndi lamanja. Kenako ayang'anire pa kabowo. Mubwereze ndi diso linalo. Ngati pa kabowo zilembo zikuyera, mbali yaikulu ya vuto la diso limenelo ndi ya mandala. Ngati sizikusintha kapena zikuda kwambiri, vuto lili kwina, ng'ala kapena letina kapena mtsempha wa diso.

Nangozo (Tsangano): Tayesa. Diso lamanzere pa kabowo akuwerenga bwino ndithu. Lamanja palibe kusintha, akuti pakati pali ngati banga lotuwa ndipo zilembo zikuthyoka. Iwowo adabwa, samadziwa kuti lamanja lafika pamenepo.

Sisita Luwiza: Zimatero. Diso labwino limabisa mnzake. N'chifukwa chake munthu wa shuga azitseka diso limodzi kamodzi pa sabata, kuyang'ana chinthu chowongoka ngati felemu ya chitseko kapena mzere wa njerwa, n'kusintha diso. Koma mumvetse bwino, kabowo ndi chitseko sizitenga malo a kuyezetsa. Ngakhale diso lamanzerelo likuwerenga bwino, likhoza kukhala ndi matenda. Letina imawonongeka m'mbali zaka zambiri munthu akuona bwinobwino, osamva kuwawa, diso osafiira. Kuona kumagwa pokhapokha vuto likafika pakati kapena magazi akatayikira mkati.

Shuga wawo ndi tensawu zili bwanji pa kadi?

Nangozo (Tsangano): Mwezi watha analemba 13,4 asanadye, tensawu 168/100. Amamwa metifomini ndi gilibenikilamidi. A tensawu amamwa mutu ukamapweteka.

Sisita Luwiza: Apo ndiye pofunika kukonza. Asanadye timafuna shuga akhale pakati pa 4 ndi 7, tensawu pansi pa 140/90, ndipo kwa wa shuga adokotala ambiri amafuna ifike cha pa 130/80. Mapiritsi a tensawu ndi a tsiku lililonse, mutu upweteke usapweteke. Tensawu yambiri sipweteketsa mutu n'komwe. Kwa diso lotupa kumbuyo ngati limeneli, kutsitsa tensawu ndi mankhwala a diso enieni. Apite kusentulu sabata ino, anene poyera kuti samwa tsiku ndi tsiku, kuti asawawonjezere mlingo poganiza kuti mapiritsi alephera. Apemphenso giya, kalata yopitira kwa a maso, ndipo ayezedwe mkodzo, chifukwa timitsempha ta m'maso tikawonongeka kawirikawiri ta mu impso timakhalanso tayamba.

Mai a Tereza (Zobwe): Ine ndili ndi tensawu yokha, shuga ndilibe. Ndinayezetsa maso chaka chatha pa shopu ya mandala, ananena kuti puleshala ya maso ili bwino, 15. Ndiye kuti tensawu yanga sinafike m'maso eti?

Bambo Zakaliya (tekiniko wa maso): Ayi mayi, zimenezo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri amazisokoneza. Nambala 15 ija ndi kuthina kwa madzi a mkati mwa diso, komwe mwa anthu ambiri kumakhala pakati pa 10 ndi 21. Timakuyeza pofuna matenda a gulukoma, amene amawononga mtsempha wa diso. Sikunena kanthu za mitsempha ya magazi ya mu letina. Munthu akhoza kukhala ndi 15 m'diso, pamkono 190/110, mitsempha ya kumbuyo itaphwanyika.

Tensawu payokha imalimbitsa ndi kuchepetsa mitsempha yobweretsa magazi mu letina. Pamene wolimbawo wadutsa pamwamba pa mtsempha wobweza magazi, umaupsinja, ndipo tsiku lina wobwezawo umatsekeka. Munthu amadzuka m'mawa diso limodzi likuona mwa mdima mbali ina kapena lonse, popanda ululu. Mtsempha wobweretsa magazi ukatsekeka ndiye diso limazima nthawi yomweyo, ndipo imeneyo ndi sitiroko ya diso, imachenjeza za sitiroko ya ubongo. Wina diso limazima mphindi zochepa ngati atsitsa katani, n'kuyeranso. Ameneyo asanene kuti zapita, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

aPhiri, mphunzitsi (Fulankungo): Bambo Zakaliya, nanga wa tensawu yekha aziyezetsa chaka chilichonse ngati wa shuga? Ine ndinamva kuti inde.

Bambo Zakaliya (tekiniko wa maso): Kwa wa shuga lamulo ndi lomveka. Amene wapezeka nawo ali wamkulu ayezedwe maso nthawi yomweyo imene wapezeka, chifukwa matendawo amakhala atayenda m'thupi zaka zingapo asanadziwike, kenako chaka ndi chaka. Mwana kapena wachinyamata wa insulini, pasanathe zaka 5 chiwapezereni. Mayi wa shuga akatenga pakati ayezedwe m'miyezi itatu yoyamba, chifukwa mimba imafulumizitsa matenda a letina. Kwa wa tensawu yekha palibe lamulo lolimba chotero. Ine ndimati aunikidwe kamodzi akapezeka nayo, ndipo ngati imatsika bwino ndi mankhwala, zaka ziwiri zilizonse zikwanira.

Sisita Luwiza: Pamenepo ine ndisiyana nanu pang'ono aZakaliya. Amene tensawu yawo imatsika bwino kuno ndi angati? Mankhwala amatha, munthu nthawi yokolola sabwera miyezi itatu. Ndiponso ambiri a tensawu ali ndi shuga amene sanayezetse. Ine ndimawauza chaka chilichonse, asamasunge malamulo awiri m'mutu.

Bambo Zakaliya (tekiniko wa maso): Ndikumva a Sisita, koma mzere wa kwa a maso ndi wautali kale. Tikatumiza aliyense wa tensawu chaka ndi chaka, amalume ngati awa amene diso likutupa adzapatsidwa tsiku la miyezi itatu kutsogolo. Chimene tikugwirizana ndi ichi: tensawu ikafika 180/120 munthu akuona mwa chimbuuzi, mutu ukupweteka kapena akusanza, si nkhani ya gawo la maso ayi, apite kwa odwala mwadzidzidzi. Chimodzimodzi mayi woyembekezera amene akuona tinyenyezi.

Nangozo (Tsangano): Giya atipatsa. Tikapita adzawachita chiyani kwenikweni? Amalume akuopa, anamva kuti mankhwala odonthezawo amachititsa khungu.

Bambo Zakaliya (tekiniko wa maso): Auzeni zonse asanapite, mantha amachepa. Poyamba adzawerenga tchati cha zilembo ali pa mamita 6, diso limodzi pa nthawi, kenako ndi kabowo ngati munachitira muja. Adzawayeza kuthina kwa diso, n'kuunika kutsogolo kuona ng'ala. Kenako adzadontheza tiropikamidi, nthawi zina pamodzi ndi fenilefirini. Amaluma masekondi ochepa ngati sopo. Adzadikira mphindi 20 mpaka 30 kuti mwana wa diso akule. Kwa anthu a shuga wa nthawi yaitali mwana wa diso amavuta kukula, ndiye akawadonthezanso kachiwiri asadabwe. Popanda mankhwalawa woyeza amakhala ngati akusuzumira m'nyumba pa bowo la kiyi, amaona pakati pokha, m'mbali momwe matenda amabisala osaona. Pomaliza adzawaunika ndi nyali yowala kwambiri, n'kumawauza kuti yang'anani kumwamba, pansi, kumanja, kumanzere.

Za khunguzo zinachokera apa: kwa maola 4 mpaka 6, nthawi zina kupitirira, munthu sawerenga bwino ndipo dzuwa limamuthobwa kwambiri. Zimatha zokha. Atenge chipewa kapena mandala akuda, asayendetse njinga yamoto tsiku limenelo, mupite nawo. Mwa apo ndi apo, mwa anthu ochepa kwambiri, mankhwalawa amakweza kuthina kwa diso. Chizindikiro chake ndi diso kufiira ndi kuwawa koopsa usiku womwewo, mutu, nseru, ndi kuona utawaleza kuzungulira nyali. Zikatero abwerere nthawi yomweyo, asadikire kuche.

Adye m'mawa ndi kumwa mapiritsi awo monga mwa masiku onse, ndipo mutenge kamba. Munthu wa gilibenikilamidi akakhala pa mzere mpaka masana osadya, shuga amagwa, thukuta, kunjenjemera. Tengani kadi ya shuga, mapaketi a mankhwala onse, ndi mandala atatu aja.

Mai a Tereza (Zobwe): Nanga mankhwala odontheza ogula pamsika aja oyeretsa maso sangathandize podikira?

Sisita Luwiza: Ayi mayi, chonde. Odontheza safika kumbuyo kwa diso. Ndipo ena a pamsikawo muli dekisametazoni, amene akagwiritsidwa ntchito masabata ambiri amakweza kuthina kwa diso ndi kubweretsa ng'ala. Madzi a zitsamba kapena a shuga m'diso nawonso ayi, amabweretsa zilonda.

Nangozo (Tsangano): Tabwerako dzulo. Papepala alemba OD 6/36, OE 6/9, ndi manambala 16 ndi 17. Atiuza kuti ng'ala ilipo yochepa chabe, koma kumbuyo kwa maso onse awiri kuli timagazi, lamanja latupa pakati, ndipo lamanzere akuti mwina mwayamba kumera mitsempha yatsopano. Atilembera kuti tipite kwa dokotala wa maso ku chipatala chachikulu cha ku Tete. Chimene sindikumvetsa, akuti lamanzere ndi limene likudetsa nkhawa kwambiri. Chonsecho ndi limene likuona. Ndiponso mitsempha yatsopano si ndiye kuchira?

Bambo Zakaliya (tekiniko wa maso): Mwachita bwino kupita. OD ndi diso lamanja, OE lamanzere. 6/36 ndiye kuti zimene munthu wa maso abwino amawerenga ali pa mamita 36, iwo amaziwerenga pokhapokha atayandikira pa mamita 6. 6/9 ndi pafupi ndi bwinobwino. 16 ndi 17 ndi kuthina kwa maso, kuli bwino.

Tsopano mitsempha yatsopanoyo. Si kuchira ayi. Mbali zina za letina timitsempha take tikatsekeka, zimasowa mpweya, ndiye zimatulutsa chinthu china choitanitsa mitsempha ina kuti imere. Imeradi, koma imamera molakwika, pamwamba pa letina, kulowera mu madzi olimba ngati utomoni amene adzaza diso. Ndi yosalimba. Tsiku lina imang'ambika, magazi n'kudzaza m'diso. Munthu amayamba kuona timadontho takuda kapena ngati ulusi wa kangaude ukuyandama, pakatha ola diso lonse mdima. Ikakhalitsa imasanduka zipsera zimene zimakoka letina n'kuimatula, ndipo pamenepo opaleshoni yake ndi yovuta, yopezeka malo ochepa. Diso lamanja latsika pang'onopang'ono ndipo likhoza kukhala choncho miyezi. Lamanzere likhoza kuchoka pa 6/9 kufika posaona dzanja usiku umodzi. N'chifukwa chake akulifulumizira. Ndi nkhani ya masabata, osati kudikira kuti agulitse kaye mbatata.

Dokotala akatsimikiza, chithandizo chake ndi leza. Amawotcha timadontho tambirimbiri, topitirira 1000, m'mbali mwa letina momwe mukusowa mpweya, kawirikawiri maulendo awiri kapena atatu. Mbali zowotchedwazo zimasiya kuitanitsa mitsempha, ndipo yomera kaleyo imafota. Zimachepetsa ndi theka kapena kuposa chiopsezo chotaya kuona kotheratu.

aJere wa ku Domwe: Lezala m'diso? Ayi abale, ine sindingalole.

Bambo Zakaliya (tekiniko wa maso): Si lezala aJere, palibe chodula. Ndi kuwala. Munthu amakhala pampando, chibwano pa makina, amudontheza mankhwala ochititsa dzanzi, amuika kagalasi padiso, n'kumaona kung'anima. Ena amamva kulasa pang'ono. Amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Koma amalume auzidwe zoona zake: leza sibweza kuona kumene kwatayika, imateteza kumene kwatsala. Ndipo ili ndi mtengo wake, kuona usiku ndi kuona m'mbali kumachepako. Amene sanauzidwe zimenezi amathawa ulendo wachiwiri, ntchito n'kutsala theka, diso likatuluka magazi anthu n'kumati leza ndi imene yamuwononga.

Kwa diso lamanja lotupalo, chimene chimathandiza kwambiri ndi jakisoni wa m'diso, monga bevasizumabu, amene amaumitsa kudonthako. Amabayidwa mwezi ndi mwezi poyamba, katatu kapena kupitirira, ndipo kutupa kumatha kubwerera akasiya. Pamene jakisoni palibe kapena maulendo sangatheke, dokotala amatha kuwotcha ndi leza yochepa pafupi ndi podonthapo. Mukafika ku Tete mufunse mwachindunji: chithandizochi chichitikira kuti, tsiku liti, maulendo angati. Ngati akutumizani kwina, alembe papepala zimene aona m'diso lililonse.

aPhiri, mphunzitsi (Fulankungo): Kwa a ku Tsangano ndi ku Angoniya, Nkhoma ku Malawi si pafupi kuposa Tete? Anthu ambiri a kuno amakapalitsa ng'ala kumeneko.

Sisita Luwiza: Kuyandikira n'kwapafupi ndithu podzera pa Dedza, ndipo a Nkhoma za maso amazidziwa. Koma kupala ng'ala ndi ulendo umodzi kapena iwiri, pamene izi ndi za maulendo ambiri, kwa zaka. Asankhe malo amene adzatha kubwererako, ndipo afunse kaye asanakwere ngati chimene akufunacho chikuchitika kumeneko. Chimene ndimakana ndi kuyamba kuno, kudumphira uko, mapepala n'kusowa, aliyense n'kuyambiranso.

Ndiwonjeze za shuga. Atsike, koma mwa ndondomeko ya achipatala, pa miyezi ingapo. Munthu amene letina yadwala kale chonchi, shuga akagwetsedwa mwadzidzidzi kuchoka pamwamba, maso amatha kuipiraipira kwa kanthawi. Si chifukwa chosiyira mankhwala, ndi chifukwa choti a shuga ndi a maso azidziwana zimene akuchita. Ngati alipo malo oyezera HbA1c, ayezetse, imaonetsa shuga wa miyezi itatu yapitayo, ndipo kwa ambiri timafuna ikhale cha pa 7. Fodya ngati amasuta asiye.

aJere wa ku Domwe: Nanga ng'ala yochepayo osangoipaliratu bwanji, popeza apita kale?

Bambo Zakaliya (tekiniko wa maso): Ayi, letina iyambe. Kupala ng'ala diso likadali lotupa kumbuyo kumawonjezera kutupako. Ndipo yochepa choncho si imene yawatsitsa pa 6/36.

Nangozo (Tsangano): Zikomo nonse. Tinyamuka Lolemba m'mamawa. Amalume akufunsa kuti pakali pano avale ati mwa atatu aja.

Bambo Zakaliya (tekiniko wa maso): A +2.50, powerenga pokha, pamalo owala. Oyezedwa bwino adzapangitse shuga akakhazikika ndiponso dokotala akamaliza ndi kumbuyo. Ngati Lolemba lisanafike aona timadontho takuda tambiri tatsopano, kung'anima ngati mphezi, kapena mthunzi ukubwera kuchokera m'mbali, musadikire tsikulo, nyamukani. Agone mutu uli pamwamba pa mapilo awiri kuti magazi, ngati atuluka, atsikire pansi pa diso.

Mai a Tereza (Zobwe): AZakaliya, ine ku shopu kuja sanandidontheze kanthu. Ndiye ndikapemphe giya kusentulu, kapena ndingopita ndekha ku Mowatize?